Mwana Akapukwa ku Sukulu Yogonera Komweko

Zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zikatuluka, dzina la mwana n'kupezeka pamndandanda wa osankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko, pakhomo pamalira nthungululu. Kenaka pamabwera kalikiliki wa zogula: yunifolomu, bulangete, ndowa, mbale ndi kapu, sopo, shuga, botolo la chiponde, mtedza wokazinga. Amalume amaponyapo kangachepe, mbuzi imodzi imagulitsidwa kuti fizi ikwane. Zonse zolowa m'chikwama amaziwerenga kawirikawiri, koma ndi makolo ochepa amene amakhala pansi ndi mwanayo n'kumuuza zimene mtima wake ukamve akakafika. Ndiye pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, foni ya mayi imalira, nambala yachilendo. Ndi mwana uja, wabwereka foni ya aphunzitsi, mawu akunjenjemera: "Amayi, mudzanditenge. Kuno sindingakhaleko."

Mwanayo wapukwa. Sikuti ndi wopepera, sikuti analeredwa mosasatitsa, ndipo palibe amene wamulodza chifukwa cha nsanje ya kusankhidwa kwake, ngakhale kumudzi ena amathamangira kuganiza zimenezo. Kupukwa ndi ululu umene munthu amamva akachotsedwa pakati pa anthu, malo ndi zizolowezi zimene zimamuchititsa kudzimva kuti ali kwawo. Asing'anga a ku Ulaya anayamba kalekale kulemba za vutoli. M'chaka cha 1688, wophunzira zaudokotala wina dzina lake Johannes Hofer, ku Basel m'dziko la Switzerland, analifotokoza ngati matenda enieni amene ankagwira anthu a dzikolo okhala kutali ndi kwawo, mpaka kuwafooketsa thupi. Masiku ano sakuliwerenganso ngati matenda, koma palibe amene amatsutsa kuti limapweteka. M'zaka za m'ma 1980, katswiri wa zamaganizo Shirley Fisher anafufuza ana a m'sukulu zogonera ndi ophunzira a chaka choyamba ku yunivesite ku Scotland, ndipo anapeza kuti oposa theka ankapukwa. Choncho mwana amene akulira m'bulangete ku hositelo adziwe kuti pabedi loyandikana nalo mwina palinso wina amene akuchita zomwezo mwakachetechete.

Tiyerekeze mnyamata wa zaka 14 wochokera ku Nsanje, amene wasankhidwa kupita ku sukulu ina ya ku Dedza. Ulendo wake ndi wa makilomita pafupifupi 400: adutse pa Bangula ndi pa Nchalo, awoloke Shire ku Chikwawa, akwere mapiri a pa Thabwa, asinthe basi mu Blantyre, kenaka Zalewa, Ntcheu, mpaka akatsike dzuwa litapendeka. Wachoka kuchigwa kumene anthu amagona panja chifukwa cha kutentha, wafika kumtunda kwa mamita oposa 1,500 kumene madzi osamba m'mawa amaluma zala ngakhale mu Seputembala. Kwawo amalankhula Chisena. Chichewa amachidziwa, koma akangotsegula pakamwa anzake amaseka kakomedwe ka mawu ake, ndiye amasankha kukhala chete. Kwawo ndiwo ndi mlamba ndi makakana, nthawi zina nsima ya mapira. Kuno ndi mgaiwa wa nyemba masana, mgaiwa wa nyemba madzulo. Kwawo anali nambala wani m'kalasi, mudzi wonse unkamudziwa. Kuno aliyense anali nambala wani kumene wachokera.

Mukamufunsa chimene akusowa, ayankha kuti amayi ake. N'zoona, koma si zokhazo. Wataya zinthu zambiri tsiku limodzi: nyengo, chilankhulo, chakudya, ulemu umene anali nawo, ndiponso ufulu wosankha nthawi yodya ndi yogona, poti tsopano zonse ndi belu. Chomalizachi anthu sachiganizira, koma ofufuza amachiika pakati pa zifukwa zazikulu. Mwana amene akuona kuti palibe chimene angasankhe yekha amapukwa kwambiri kuposa amene ali ndi kagawo kena m'manja mwake. Chimodzimodzi amene sanagonepo kunja kwa nyumba ya makolo ake, ndi amene wapita atauzidwa kale zoopsa zokhazokha za kumeneko.

Masiku awiri atatu oyambirira nthawi zambiri sakhala ovuta. Zachilendo ndi zambiri, kamba wa kunyumba akadalipo, maso ali m'mwamba kuona nyumba za sukulu. Vuto limayamba zinthu zikakhazikika, chiponde chija chikuonekera pansi pa botolo. Ndipo kupukwa kuli ndi nthawi zake. Kumabwera m'mawa akangodzuka, asanakumbuke bwino kumene ali. Kumabwera chamadzulo dzuwa likamalowa, nthawi imene kwawo utsi umakhala ukufuka kukhitchini, mbuzi zikulowa m'khola. Kumabwera magetsi akazima ku hositelo, ndiponso Lamlungu masana pamene kulibe kalasi, kulibe chochita. Pakati pa masamu kapena pabwalo la mpira, mwana yemweyo amatha kuseka n'kuiwaliratu. Ichi n'chizindikiro chabwino, ndipo makolo achisunge.

Thupi nalo limalankhula. Mutu umawawa, m'mimba mumapota, chakudya sichilowa, tulo timavuta. Mwana amataya makiyi a loko, amaiwala kope, amawerenga tsamba limodzi katatu osatolapo kanthu pa nthawi ya pulepu. Fisher uja anaona zimenezi mwa ophunzira ake: opukwa amaiwalaiwala ndi kulakwitsa tinthu tating'ono, chifukwa maganizo awo ali otanganidwa ndi kwawo. N'chifukwa chake mayeso oyamba a Fomu 1 amatha kugwetsa mwana wanzeru, ndipo bambo amene amakalipa ataona lipoti la temu yoyamba amangothira mchere pabala. Koma apa pafunika kusamala. M'dziko la malungo ngati lathu, mwana wodandaula mutu ndi kuphwanya m'thupi asauzidwe kuti "wangopukwa iwe" asanayezedwe. Kupukwa sikutenthetsa thupi. Ngati thupi latentha, apite kuchipatala akamuyeze magazi tsiku lomwelo, za mtima zibwere pambuyo.

Tibwerere ku foni ija. Mayi ali ku Nsanje, mwana akulira ku Dedza. Mayankho amene amabwera msanga pakamwa ndi awiri, ndipo onse ndi olakwika. Loyamba ndi laukali: "Ukulira chiyani? Mwamuna salira. Ukudziwa kuti tinagulitsa mbuzi chifukwa cha iwe?" Mwana wotere sasiya kupukwa, amangosiya kunena, ndipo tsopano wasenza katundu wachiwiri, wodziona ngati wosayamika. Lachiwiri ndi lachifundo: mayi nayenso kuyamba kulira, n'kunena kuti, "Pirira pang'ono, zikakanika tidzakutenga uzidzaphunzira konkuno." Madokotala a ana a ku America, mu lipoti limene Christopher Thurber ndi Edward Walton analemba m'chaka cha 2007, anachenjeza makolo mwachindunji za lonjezo la mtundu umenewu. Limauza mwana kuti ngakhale makolo ake sakukhulupirira kuti angakwanitse. Limamupatsanso khomo lotulukira, moti m'malo mofunafuna mnzake amakhala akuwerenga masiku ndi kusonkhanitsa umboni woti zakanika.

Alimi a fodya amadziwa kuti mbande ikangowokeredwa imafota masiku angapo, ndipo woidzula kuti aone ngati mizu yagwira ndiye amaipha. Mwana amene akuthamangira kwawo mapeto a sabata iliyonse, kapena amene makolo ake amangoti pang'ono afika pageti, amayambiranso kufota ulendo uliwonse. Loweruka ndi Lamlungu ndi masiku amene anzake amachapira limodzi, kusewera ndi kupalana ubwenzi. Iye akabwera Lolemba amapeza magulu apangika kale, iye alibemo.

Yankho labwino lili pakati, ndipo silifuna sukulu. Mayi amvetsere mpaka mwana amalize, asamudule. Avomereze: "Ndamva, mwanangu. N'zoona n'kowawa, nanga unachokapo pakhomo pano?" Kenaka afunse mafunso a zinthu zogwirika: wadya chiyani lero, ukugona pafupi ndi ndani, bulangete likukwana, pali amene wakumenya kapena kukulanda kanthu? Mafunso otere amathandiza pawiri. Amabweza maganizo a mwana kumene ali, komanso amaulula ngati pali vuto lina lobisika. Pomaliza amupatse tsiku lodziwika: "Tidzalankhulanso Lamlungu likubwerali ukaweruka kutchalitchi," kapena, "Abambo ako adzabwera tsiku loona ana." Tsiku lodziwika limakhazika mtima pansi kuposa mawu akuti "tidzaona." Ndipo likalonjezedwa lisaphonyedwe, chifukwa mwana amene wakhala pansi pa mtengo tsiku lonse akuyang'ana kugeti, anzake akudya mpunga wa nkhuku ndi makolo awo, amabwerera pamene anayambira. Ngati ndalama ya basi palibe, kuli bwino kunena poyera msanga, n'kupempha wachibale kapena wa mpingo wokhala pafupi ndi sukuluyo kuti akamuone.

Nkhani za kunyumba nazo zisankhidwe. Sindikunena kuti mwana azinamizidwa. Maliro a wachibale wapafupi kapena matenda aakulu ayenera kuuzidwa mwanjira yoyenera, kudzera kwa aphunzitsi. Koma mawu ngati akuti "chichokereni iwe nyumba yazizira, mng'ono wako sakudya" sathandiza aliyense. Ana ambiri, makamaka oyamba kubadwa ndi atsikana amene ankasenza ntchito zapakhomo, sapukwa chifukwa chosowa kusamalidwa ayi, koma chifukwa cha nkhawa kuti agogo akuwatungira madzi ndani. Mwana wotere amafunika kumva kuti kunyumba zinthu zikuyenda.

Sukulu zambiri zogonera siziloleza ophunzira kukhala ndi foni, ndipo makolo ena amadandaula. Pa nkhani ya kupukwa, ine ndimaona kuti lamuloli lili ndi ubwino wake. Taonani akuluakulu awo a chaka choyamba ku yunivesite, ku Zomba, ku Mzuzu kapena ku Bunda, amene foni ili m'manja usana ndi usiku. Wopukwa amatha kudzitsekera m'chipinda madzulo onse akucheza ndi a kwawo pa WhatsApp, thupi lili kusukulu koma moyo wonse uli kumudzi, mpaka semesita kutha osadziwa dzina la wogona chipinda choyandikana. Kulankhulana ndi kwanu n'kofunika, koma kukhale ndi nthawi yake. Kwa mwana wa Fomu 1, kamodzi pasabata n'kokwanira, ndipo ndi bwino ikhale nthawi ya masana pamene akatsitsa foni apita kukachita china, osati usiku pamene akupita kukagona ndi mawu a amayi ake m'khutu.

Nanga mwanayo payekha achite chiyani? Malangizo akuti "upeze anzako" ndi osavuta kunena, koma kwa mnyamata wa ku Nsanje amene akuopa kutsegula pakamwa ndi phiri. Chimene angathe n'chaching'ono: apeze munthu mmodzi. Osati gulu, mmodzi yekha wopita naye kukatunga madzi ndi kukhala naye pamzere wa nsima. Njira yachidule ndi kufunsa ngati pasukulupo pali wina wa ku Nsanje kapena ku Chikwawa, ndipo kawirikawiri amapezeka, mwina wa Fomu 3. Kulankhula Chisena mphindi khumi kuseri kwa hositelo kumamasula chifuwa, komanso wamkuluyo amamuuza zimene palibe mphunzitsi angamuuze: nthawi yabwino yopita kumpopi, pulefekiti wofunika kumupewa, mmene angasungire shuga kuti asabedwe. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka. Koma asathere pomwepo. Amene amangoyenda ndi a kwawo okhaokha zaka zinayi amatuluka pasukulupo akadali mlendo.

Chachiwiri ndi kutseka mipata ija imene kupukwa kumalowera. Popeza tikudziwa kuti ndi chamadzulo ndi mapeto a sabata, nthawi zimenezo zikhale ndi chochita chokhazikika. Apa m'pamene mpira, kwaya, zisudzo ndi magulu a mapemphero monga SCOM, YCS kapena bungwe la ophunzira achisilamu amagwira ntchito yoposa imene anakhazikitsidwira. Nyimbo za kutchalitchi ndi zomwe zija za kwawo, swala ndi yomwe ija, ndipo kwa ola limodzi mwana amakhala pamalo pamene akudziwa chochita. Pabwalo la mpira palibe amene amafunsa kakomedwe ka Chichewa chako ngati ukudziwa kugoletsa. Chofunika si kukonda gululo tsiku loyamba, koma kupitako nthawi yomweyo sabata iliyonse, kufikira tsiku limene wina adzafunse kuti, "Dzulo unali kuti, aise?" Funso limenelo likamveka, ndiye kuti malowo ayamba kumuwerengera.

Chachitatu ndi kudya ndi kugona, ngakhale mtima usakufuna. Mwana wokana mgaiwa n'kumadalira mabisiketi amatha ndalama m'sabata ziwiri, njala n'kuwonjezera chisoni. Ndipo temu aidule m'zidutswa. Miyezi itatu ndi yaitali kwa munthu wa zaka 14, koma "mpaka Lamlungu" ndi pafupi. Ena amajambula kalendala kuseri kwa kope n'kumadula sabata iliyonse ikatha. Si zachibwana, zimaonetsa mwana kuti nthawi ikuyenda ndipo kupatukanaku kuli ndi malire. Kachinthu ka kunyumba, kaya ndi chithunzi kaya chitenje cha amayi choyala pabedi, nakonso kamathandiza usiku.

Kwa ana ambiri, zikayenda chonchi, ululu umayamba kuchepa pakatha masabata angapo. Sikutha tsiku limodzi. Umabwerera akadwala, akalephera mayeso, ndiponso masiku oyamba a temu yachiwiri atachoka kutchuthi cha Khirisimasi, zimene zimadabwitsa makolo amene ankaganiza kuti nkhaniyo inatha. Koma ulendo wachiwiriwu umakhala waufupi, poti mwana akudziwa kale kuti anadutsamo.

Pali ana ena amene vuto lawo si kupukwa, ngakhale mawu awo ali omwewo akuti "mudzanditenge." Apa m'pofunika makutu akuthwa. M'sukulu zambiri zogonera muli khalidwe lozunza a Fomu 1, limene ophunzira amalitcha kutiza: kuwachapitsa zovala, kuwalanda kamba ndi ndalama, kuwadzutsa usiku, nthawi zina kuwamenya kumene. Malamulo a sukulu amaletsa, koma zimachitika magetsi akazima. Mwana wopukwa amalankhula za kwawo. Mwana wozunzidwa amaopa malo ena ndi nthawi zina, safuna kutchula maina, katundu wake amangosowa, ndalama zimatha msanga mosadziwika bwino, ndipo akafunsidwa za ku hositelo amasintha nkhani. Kwa mtsikana, kuopa mphunzitsi wina kapena munthu wina wamkulu pasukulupo n'chizindikiro chosayenera kuchinyalanyaza ngakhale pang'ono. Woterewa kumuuza kuti apirire n'kumupereka m'manja mwa omuzunza. Kholo lipite kapena liimbe kwa ahedi, kwa matironi kapena kwa aphunzitsi oyang'anira zogona, ndipo litsatire mpaka lione chimene chachitika.

Gulu lina ndi la ana amene kupukwa kwawo kwalowa pansi n'kusanduka matenda a maganizo. Kusiyana kwake ndi kuja tinakusunga: wopukwa amaseka akatanganidwa, chisoni chake chimabwera n'kupita. Koma ngati mwana ali wokhumudwa tsiku lonse, pafupifupi tsiku lililonse, kwa masabata awiri kapena kuposerapo, wasiya zimene ankakonda, akuonda, sakulowa m'kalasi, akudzipatula, akunena kuti ndi wachabechabe, pamenepo sitikunenanso za kuzolowera. Akatchula za kufa kapena kudzivulaza, ngakhale mwanthabwala, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lomwelo: asasiyidwe yekha, makolo adziwitsidwe, apite naye kuchipatala. Zipatala za maboma zimakhala ndi ogwira ntchito za matenda a maganizo, ndipo a St John of God ali ndi chithandizo chotere ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Nthawi ngati imeneyi kumutenga mwana kupita naye kunyumba kapena kumusamutsira sukulu yapafupi si kugonja. Chimene tikukana ndi lonjezo loperekedwa pasadakhale chifukwa cha misozi ya sabata yoyamba, osati chisankho chopangidwa mofatsa ndi makolo, aphunzitsi ndi achipatala.

Aphunzitsi nawo ali ndi gawo limene silifuna ndalama. Matironi amene amadutsa m'hositelo ya Fomu 1 madzulo aliwonse a mwezi woyamba, n'kumaitana ana ndi maina awo, amaona msanga amene sakudya ndi amene akugona atafunda kumutu dzuwa likadalipo. Mphunzitsi wa kalasi amene anganene poyera tsiku loyamba kuti "ambiri a inu mupukwa, ndipo si chamanyazi" amachotsa theka la katundu, makamaka kwa anyamata amene anaphunzitsidwa kuti misozi ndi ya akazi. Kupatsa wa Fomu 1 aliyense wamkulu wodalirika womuyang'anira kumatsekanso njira ya otiza aja.

Komabe ntchito yaikulu ili kunyumba, mwana asananyamuke. Pakati pa kutuluka kwa zotsatira ndi kutsegulira sukulu pamakhala masabata ochepa, ndipo mutha kuwagwiritsa ntchito. Mutumizeni akakhale kwa azakhali ake masiku anayi kapena asanu ngati sanachokepo pakhomo. Azichapa ndi kusita yekha, aphunzire kugawa ndalama kuti ifike kumapeto a mwezi. Pogula katundu mupite naye, asankhe yekha ndowa ndi loko, alongedze yekha chikwama. Ngati pafupi pali amene anaphunzirapo pasukuluyo, acheze naye. Muuzeni zoona, kuti masabata oyamba adzalakalaka kwawo, kuti zimenezo zimachitikira ambiri ndipo zimachepa, ndipo mugwirizane tsiku limene muzilankhulana. Nkhawa zanu mukauze akuluakulu anzanu, osati iye. Pachikuto cha kope lake mulembepo nambala yanu, ya wachibale wokhala pafupi ndi sukuluyo, ndi 116, nambala yaulere yothandiza ana imene angaimbe pa foni iliyonse ngati wina akumuzunza ndipo akusowa womuuza.